Mawu ngati "may" ndi "suggests" alowe pati mu lipoti la kafukufuku, ndipo akwane angati?

Wophunzira akafika pa chaputala chokambirana zomwe wapeza pa kafukufuku wake, supavaiza nthawi zambiri amamubwezera pepala ndi imodzi mwa ndemanga ziwiri. Yoyamba imati mwanena motsimikiza kwambiri, umboni wanu sukufika pamenepo. Yachiwiri imati ndawerenga tsamba lonse koma sindikuona chomwe mukunena. Ambiri akalandira ndemanga yoyamba amathamangira kumwaza *may* ndi *might* paliponse, ndiye pepala likapitanso limabwera ndi ndemanga yachiwiri ija.

Kugwiritsa ntchito mawu ngati *may*, *suggests* ndi *appears to* pa Chingerezi cha kuyunivesite amakutcha *hedging*. Ine pano ndiziwatcha mawu ofewetsa mfundo. Ntchito yawo ndi kuuza wowerenga pomwe umboni wanu wathera, basi. Si mawu aulemu. Ndikunena izi msanga chifukwa ambirife tinakula tikufewetsa mawu pamaso pa akuluakulu. Timati "ndimati mwina mungandithandizeko" pomwe tikudziwa bwino lomwe chomwe tabwerera. Khalidwe limenelo ndi labwino pakhomo pa apongozi, koma likalowa mu dizeteshoni limaphimba ngakhale zinthu zomwe munaziwerengera nokha.

Kuti tisayende m'malere, tiyerekeze kafukufuku mmodzi ndipo timutsatire mpaka kumapeto. Manambala akewa ndi ongoyerekeza. Wophunzira wa zaulimi wafunsa alimi 120 a dera limodzi ku Dedza atangomaliza kukolola. Alimi 60 ali m'makalabu, 60 enawo sali m'kalabu iliyonse. Atawerengera, wapeza kuti a m'makalabu anakolola pafupifupi matumba 18 a chimanga pa ekala, pomwe enawo anakolola 13. Anawafunsa kamodzi kokha, za chaka chimodzi chokha, ndipo matumbawo sanawaone ndi maso, anangouzidwa.

Choyamba: siyanitsani zomwe munapeza ndi zomwe mukuganiza kuti zikutanthauza

Tengani ndime imodzi ya chaputala chanu ndi pensulo. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni: kodi ichi ndinachichita kapena kuchiwerengera ndekha, kapena ndikumasulira? Ngati munachichita kapena kuchiwerengera, musachifewetse. Wophunzira wathu uja alembe mosapsatira mawu:

*Club members reported a mean harvest of 18 bags per acre, compared with 13 bags among non-members.*

Apa *may* alibe malo. Nambalayo ili mu tebulo, aliyense atha kuiona. Akalemba kuti *club members appear to have harvested more*, wowerenga ayamba kukayika ngati anawerengera bwino, kapena ngati deta yake ilipodi. Komabe taonani mneni yemwe wasankha. Walemba *reported* osati *harvested*, chifukwa chomwe akudziwa motsimikiza ndi zomwe alimi ananena. Kusamala kwake kwalowa m'mawu amodzi olondola, ndipo chiganizo chakhalabe chowongoka.

Kufewetsa kumayamba pomwe mwachoka pa tebulo n'kuyamba kunena chifukwa chake zinthu zili choncho, kapena kunena za anthu omwe simunawafunse. N'chifukwa chake mawuwa sagawidwa mofanana m'pepala lonse. Mu 1994 Françoise Salager-Meyer anaunika zolemba za akatswiri a zaumoyo za m'Chingerezi ndipo anapeza kuti mawu ofewetsa amachuluka kwambiri m'gawo lokambirana zotsatira, pomwe m'gawo lofotokoza njira za kafukufuku amachepa kwambiri. Choncho mukaona kuti chaputala chanu cha *Methods* chadzaza ndi *might* pomwe *Discussion* ilibiretu, dziwani kuti zinthu zatembenuzika.

Chachiwiri: funsani chomwe kafukufuku wanu akukulolani kunena

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha. Kukula kwa kufewetsa sikuchokera pa mantha anu kapena kuopsa kwa supavaiza. Kumachokera pa mmene kafukufukuyo anakonzedwera.

Wophunzira wathu akulakalaka kulemba kuti kalabu imachulukitsa zokolola. Koma iye sanalowetse munthu m'kalabu. Anapeza anthu atalowa kale mwa kufuna kwawo. Ndani amalowa m'kalabu? Kawirikawiri ndi mlimi yemwe ali ndi ndalama yolipira umembala, yemwe amatha kugula feteleza wothira kawiri, yemwe amadziwana kale ndi alangizi. Mlimi wotereyu akanatha kukolola matumba 18 ngakhale kalabu ikanapanda kukhalapo. Mwinanso zinthu zinayenda mobwerera: anthu okolola bwino ndi omwe amaitanidwa kuti alowe. Kafukufuku wofunsa anthu kamodzi sangasiyanitse zimenezi. Chomwe angaonetse n'chakuti zinthu ziwirizi zimapezeka pamodzi, ndipo Chingerezi chake ndi *was associated with*.

Zikanakhala kuti anachita maere posankha midzi yoyambitsamo makalabu, midzi ina n'kuisiya, kenako n'kuyeza zokolola pa sikelo, akanakhala ndi ufulu wolemba *increased* popanda kuchita manyazi, chifukwa maere amagawa alimi olemera ndi osauka mbali zonse mosakondera. Poti sanatero, mawu ngati *increased*, *led to*, *caused* ndi *improved* sangayime okha m'pepala lake. Mawu otchedwa *impact* ndi *effect*, omwe timakonda kuwaika ngakhale pa mutu wa dizeteshoni, nawonso amanena kuti china chinachititsa chinzake. Asamale nawo.

Musanalembe ndime iliyonse yomasulira, lembani pambali m'mawu anuanu, ngakhale m'Chichewa, yankho la funso ili: munthu wofuna kunditsutsa pa mfundoyi angagwire pati? Mukapeza pogwira, pamenepo ndi pofunika kufewetsa. Mukasowa pogwira, nenani mfundoyo mmene ilili.

Chachitatu: sankhani mawu ogwirizana ndi mtundu wa chikayikocho

Chikayiko sichikhala cha mtundu umodzi, ndipo *may* sachiza chilichonse.

Ngati chikayiko chili pa chomwe chinachititsa, gwiritsani ntchito *suggests* kapena *may*. Mawu akuti *suggests* amanena kuti umboni ukuloza kumeneko koma sunafike. Mawu akuti *may* ndi ofookerapo: n'zotheka, koma zina n'zothekanso. Akuti *might* ndi *could* owerenga ambiri amawamva ofooka kuposa pamenepo, ndipo amayenera pomwe mukungopereka ganizo lomwe simunaliyese. Kumtunda kwake kuli *indicates*, kenako *shows* ndi *demonstrates*, omwe ndi a zinthu zomwe umboni wazigwira ndithu. Mawu akuti *proves* asiyireni a masamu. Kafukufuku wofunsa anthu satsimikiza chinthu mpaka kalekale.

Akuti *appears to* ndi *seems to* ali ndi ntchito yawoyawo. Amanena kuti mmene zikuonekera kwa ine pano ndi chonchi, koma sindinathe kuyang'ana mkati. Wophunzira wathu atha kulemba kuti alimi a m'makalabu *appeared to plant earlier* ngati anangomva izi pocheza nawo m'magulu, osalemba madeti obzalira a mlimi aliyense.

Ngati chikayiko chili pa kufalikira kwa zomwe mwapeza, *may* si mankhwala ake. Chofunika ndi kutchula malire: *in this sample*, *among the farmers surveyed*, *in the season studied*. Kulemba kuti *clubs may raise yields in Malawi* kumamveka ngati kusamala, koma munthuyo walumpha kuchoka pa dera limodzi la ku Dedza kufika dziko lonse, kuphatikizapo Nsanje komwe mvula, nthaka ndi mbewu n'zosiyana. Malire otchulidwa bwino amakupatsani mphamvu yonena motsimikiza za mkati mwa malirewo.

Ngati chikayiko chili pa kuchuluka, ndiye kuti si onse, pali *most*, *often* ndi *tended to*. Koma pomwe muli ndi nambala, ikani nambalayo. Kunena kuti alimi 41 mwa 60 anathira feteleza kawiri kumaposa *many* kutalitali.

Pali msampha wina waung'ono womwe umakola ambiri. Mawu akuti *can* ndi *may* si amodzi. Mukalemba *clubs can raise yields* mukunena kuti n'zodziwika kale kuti nthawi zina zimachitikadi. Mukalemba *may* mukunena kuti simukudziwa ngati zimachitika. Choncho *can* ndi mawu olimba kuposa mmene amaonekera.

Chachinayi: mfundo imodzi, kufewetsa kumodzi

Funso lakuti akwane angati lilibe yankho la nambala pa tsamba. Muyeso womwe ndimaukhulupirira ndi wa pa mfundo: chikayiko chimodzi chilandire mawu amodzi. Taonani chiganizo chomwe wophunzira wathu analemba atakalipiridwa kuti akunena motsimikiza kwambiri:

*It seems that these results may possibly suggest that club membership could perhaps improve yields to some extent.*

Muwerenge: *seems*, *may*, *possibly*, *suggest*, *could*, *perhaps*, *to some extent*. Mawu ofewetsa asanu ndi awiri pa mfundo imodzi. Chiganizo choterechi palibe angachitsutse, chifukwa sichinanene kanthu. Ngakhale alimi a m'makalabu akanakolola zochepa, chikanakhalabe choona. Ameneyo ndiye mayeso abwino a kufewetsa kopitirira: dzifunseni ngati pali zotsatira zilizonse zomwe zikanachititsa chiganizo chanu kukhala chabodza. Ngati palibe, mwaipha mfundo.

Pochikonza, pezani chikayiko chenicheni, chomwe apa ndi chakuti sitikudziwa ngati kalabu ndiyo inachititsa. Siyani mawu amodzi oyimira chimenecho, enawo fufutani:

*These results suggest that club membership contributes to higher yields.*

Ena amalemba *suggest that* kenako n'kuwonjezera *may* kutsogolo kwake, ndipo mudzazipeza m'magazini a akatswiri. Si tchimo lalikulu. Koma awiri akhale malire, ndipo wachiwiriyo alowe pokhapokha mukufunadi kuti mfundoyo itsike sitepe ina. Akuti *may possibly* ndi *might perhaps* ndi kubwereza chabe.

Nthawi zina chiganizo chimakhala ndi zikayiko ziwiri zosiyana, china cha chomwe chinachititsa, china cha malire. Pamenepo mawu awiri ndi oyenera, chifukwa aliwonse ali ndi ntchito yake. Chomwe tikukana ndi kuunjika mawu ambiri pa chikayiko chimodzi.

Chachisanu: nenani chifukwa chomwe mwafewetsera

Mawu akuti *may* akakhala okha amangonena kuti wolemba akukayika. Wowerenga sadziwa ngati chikayikocho n'chachikulu kapena chaching'ono, kapena ngati wolembayo akuchidziwa n'komwe. Mukatchula chifukwa, kufewetsa kumasanduka chidziwitso chomwe wina angagwiritse ntchito. Ndime ya wophunzira wathu ikamalizidwa itha kuoneka chonchi:

*Club members reported higher harvests than non-members (18 versus 13 bags per acre). This suggests that membership contributes to yield. However, members also used more fertiliser, and the survey cannot separate the two. The difference may therefore reflect who joins clubs rather than what clubs do.*

Ziganizo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi kulemera kwake. Choyamba chanena zomwe zapezeka, chosafewetsa. Chachiwiri chamasulira, ndi *suggests* mmodzi. Chachitatu chanena malire a kafukufukuyo, ndipo taonani kuti chanena molimba: *cannot*. Zofooka za kafukufuku wanu mumazidziwa motsimikiza, choncho musazifewetse. Ambiri amachita zosemphana, amalimbitsa zomwe akuganiza n'kufewetsa zofooka zawo, kulemba kuti sampulo *may have been somewhat small* pomwe akudziwa kuti inali yaing'onodi. Chachinayi chapereka tanthauzo lina lotheka, ndi *may* mmodzi.

Munthu wowerenga ndimeyi akudziwa chomwe angakhulupirire, chomwe angasamale nacho, ndiponso kafukufuku yemwe akufunika kutsogoloku. Woyesa mayeso akafunsa pa tsiku loteteza dizeteshoni kuti "nanga feteleza?", yankho lili kale pa pepala.

Kufewetsa kuli ndi ntchito ina yoipa yomwe muyenera kuipewa, yozembetsa mfundo yomwe manambala aikana. Tiyerekeze kuti wophunzira wathu anayerekezanso zokolola za amayi ndi abambo, mayeso a manambala n'kupereka `p = 0.21`, kutanthauza kuti kusiyana komwe waona kukanatha kungochitika mwamwayi. Mtima umafuna kulemba kuti *gender may influence yield*, poti *may* amalola chilichonse. Kumeneko ndi kunyenga wowerenga. Alembe kuti sanapeze kusiyana kodalirika, apereke manambalawo, ndipo ngati anthu anali ochepa anene choncho. Asalumphenso kunena kuti kusiyana kulibiretu, chifukwa kusapeza chinthu mwa alimi 120 sikutanthauza kuti kulibe.

Mmene akatswiri amachepetsera kufewetsa umboni ukamakula

Chitsanzo chomwe chimandithandiza kufotokoza zimenezi ndi malipoti a IPCC, gulu la akatswiri ounika za kusintha kwa nyengo lomwe linakhazikitsidwa mu 1988 pansi pa mabungwe a United Nations. Funso lawo lakhala limodzimodzi kwa zaka zambiri: kodi ndi zochita za anthu zomwe zikutenthetsa dziko? Mu lipoti la 1995 anati umboni ukauika pamodzi *suggests* kuti dzanja la munthu likuoneka pa nyengo. Mu 2001 anati n'zakuti *likely* kutentha kochuluka kwa zaka 50 zapitazo kunadza ndi mipweya yomwe yachuluka mumlengalenga. Mu 2007 anakwera kufika pa *very likely*, mu 2013 pa *extremely likely*, ndipo mu 2021 anati n'zosakayikitsa, *unequivocal*, kuti zochita za anthu zatenthetsa mlengalenga, nyanja ndi mtunda.

Akatswiriwa sanayambe kulimba mtima mwadzidzidzi. Umboni ndiwo unkawonjezeka, mawu n'kumautsatira. Chinanso chomwe anachita n'chakuti ena mwa mawuwa anawapatsa muyeso wolembedwa: *likely* ndi mwayi woyambira pa 66 pa 100, *very likely* kuyambira pa 90, *extremely likely* kuyambira pa 95. Inu simukuyenera kuika maperesenti pa mawu anu, koma tengeranipo mwambowo. Mukagwiritsa ntchito *suggests* pa mfundo yomwe ili ndi umboni wapakatikati pa tsamba 40, musagwiritsenso ntchito mawu omwewo pa ganizo longopeka pa tsamba 43. Wowerenga amaphunzira sikelo yanu akamawerenga, ndipo sikelo ikamasinthasintha ngati ya venda wosakhulupirika amasiya kukhulupirira kulemera kulikonse komwe mwamuuza.

Chachisanu ndi chimodzi: fufuzani pepala lonse kawiri

Mukamaliza kulemba, tsekulani fayilo yanu, dinani `Ctrl+F`, ndipo sakani mawu awa limodzi limodzi:

```
may  might  could  possibly  perhaps
seem  appear  suggest  likely  somewhat
```

Paliponse pomwe mwawapeza, yesani kumaliza chiganizo ichi mumtima: "ndafewetsa apa chifukwa…". Chifukwa chikabwera msanga, asiyeni, ndipo onani ngati chifukwacho chalembedwa pafupi. Chikakanika kubwera, fufutani mawuwo muwerengenso chiganizocho mokweza. Nthawi zambiri mupeza kuti chikadali choona, ndipo chayamba kumveka.

Ulendo wachiwiri sakani mawu olimbitsa:

```
prove  clearly  obviously  always  never
cause  lead to  impact  significant
```

Apa funso ndi lakuti, tebulo liti kapena umboni uti ukuchirikiza mawu amenewa? Akuti *clearly* ndi *obviously* kawirikawiri amabwera pomwe wolemba wasowa umboni ndipo akukweza mawu. Akuti *significant* asungireni pomwe munachitadi mayeso a manambala, chifukwa owerenga a sayansi amawamva choncho.

Pa ulendo womwewu yang'anani mmene mwanenera za ntchito za ena m'chaputala chounika zomwe zinalembedwa kale. Ngati wolemba wina anati *may reduce*, inu musalembe kuti iye *found that it reduces*. Mwamunamizira, ndipo wina akadzatenga kwa inu adzalimbitsanso, mpaka ganizo longoyerekeza lidzasanduka chinthu chomwe aliyense akuti n'chodziwika. Bwererani ku pepala lenilenilo muone mneni yemwe mwini wake anagwiritsa ntchito.

Chomaliza, ikani pamodzi malo atatu: ndime yomasulira mu *Discussion*, ndime ya mu *Conclusion*, ndi chiganizo cha mu *Abstract*. Mfundo imodzimodziyo iyenera kulemera mofanana monsemo. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti *suggests* wa mu *Discussion* amasanduka *shows* mu *Conclusion*, ndipo pofika mu *Abstract*, poti malo ndi ochepa, kalabu yayamba kale kuchulukitsa zokolola dziko lonse. Koma *Abstract* ndi yomwe anthu ambiri adzawerenge, ena osapitirira pamenepo. Mukafuna kudula mawu kuti akwane, dulani kwina, mneni wofewetsayo mumusiye.

Malangizo omwe mumapereka kumapeto nawonso atsatire muyeso womwewo. Wophunzira wathu sangalembe kuti boma liyambitse makalabu m'midzi yonse, poti sanaonetse kuti kalabu ndiyo imabweretsa matumba asanu owonjezera aja. Chomwe angalimbikitse motsimikiza, popanda *may* aliyense, ndi kafukufuku wotsatira alimi omwewo kwa zaka zingapo, kuyambira asanalowe m'kalabu, woyeza chimanga pa sikelo komanso wolemba feteleza yemwe aliyense wathira.